Chinamwali sichithera pometa: yankho kwa wolemba eseyi ya van Gennep

"Zikomo amayi. Ndili chaka chachiwiri, ndipo pa kosi ya anthiropoloje ya zipembedzo atiuza kuti tilembe eseyi yogwiritsa ntchito magawo atatu a van Gennep pa mwambo womwe tingasankhe. Ndasankha chinamwali cha atsikana cha Achewa. Ndagawa zonse patatu, zakwana bwinobwino, koma zangodzaza tsamba limodzi ndi theka ndipo chonena chandithera. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, kalata yanuyi yanditokosa pachilonda. Pomwe pandiopsa ndi pamene mwati zakwana bwinobwino. Mwambo wa anthu amoyo ukakwana m'magawo atatu popanda chotsalira, nthawi zambiri ndiye kuti wolemba waudula miyendo kuti ukwane.

Tiyambe ndi mwini wakeyo, chifukwa ambiri amamutchula asanamuwerenge. Arnold van Gennep anatulutsa buku lake Les Rites de passage m'Chifalansa mu 1909, ndipo linadzamasuliridwa m'Chingerezi mu 1960. Iye anaona kuti munthu akamachoka pa udindo wina kupita pa wina, miyambo yake imayenda chonchi: amayamba wapatulidwa, kenako amakhala pakati, wosakhala wakale komanso wosakhala watsopano, pomaliza amalandiridwanso pagulu. Izi mukuzidziwa. Zomwe manotsi a m'kalasi amasiya ndi zitatu zimene iye yemweyo anachenjeza. Anati magawowa salemera mofanana pa mwambo uliwonse. Anati gawo lapakati likatalika limatha kukhala ndi timagawo take titatu m'kati mwake, monga zimakhalira pa chitomero. Ndipo analimbikira kuti kutha msinkhu kwa thupi ndi kuyesedwa wamkulu pagulu ndi zinthu ziwiri zosiyana, zimene sizichitika tsiku limodzi. Eseyi yanu yonse yabisala m'machenjezo amenewa.

Ine ndili pakoleji tinali ndi aphunzitsi ena, dzina ndisunga, omwe ankafuna tebulo la mizere itatu basi. Kumanzere ulembe kuti namwali watengedwa kwa makolo ake, pakati ulembe tsimba ndi mtengo, kumanja ulembe kumeta ndi zovala zatsopano. Ukawonjezera funso lako, ankalemba ndi cholembera chofiira kuti wasochera. Patchuthi ndinapita ndi pepalalo kumudzi, cha ku Dedza, kwa azakhali anga omwe anali namkungwi. Anali akusenda chinangwa pakhonde, ine nkumawawerengera, ndikutembenuza m'Chichewa. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Ndiye aphunzitsi akowo akuti tikameta ndiye twamaliza? Nanga akadzaima, apita kwa yani?" Anaseka mpaka kuika mpeni pansi. Anandiwerengera ndi zala: tsiku limene mtsikana wagwa pansi nkukauza agogo kapena azakhali ake, osati mayi ake, nkulangizidwa kunyumba komweko, chinamwali chachikulu cha pabwalo, chimene m'mudzi wa mzinda, wa mfumu yokhala ndi bwalo la Nyau, chimabwera ndi Gule Wamkulu, malangizo a polowa m'banja, chisamba, pa mimba yoyamba, ndiye kutenga mwana, khanda likakwanitsa milungu ingapo. Anati ameneyo ndiye wakula, amene wadutsa ponsepo. Za m'tsimba sanandiuze kanthu pakhondepo, ndipo inenso sindilemba pano.

Tsopano taonani chimene chikuchitika ndi tebulo lija. Mukatenga masiku a pabwalo okha, kumeta ndi kulandiridwanso, zoona. Koma mukatenga ulendo wonse monga anauwerengera azakhali, masiku a pabwalowo ndi kachigawo chabe ka nthawi yapakati imene ingatenge zaka, kuyambira kugwa pansi mpaka mwana woyamba. Mtsikana wometedwa sali mwana, koma pa nkhani za uchembere amamutulutsabe panja. Ndiye kumeta komweko, mukakuyang'ana pafupi ndi mapeto, mukakuyang'ana patali ndi pakati. Wolemba ayenera kusankha poima, anene kuti waima pati, ndipo afotokoze chifukwa chake. Imeneyo ndiyo mfundo ya eseyi. Tebulo lilibe mfundo, limangosanja zinthu.

Ndipo ndinene mosabisa: ndatopa ndi maeseyi omwe amaitana Victor Turner ngati sing'anga woti achiritse tsamba losadzaza. Turner anakhala pakati pa Andembu ku Mwinilunga, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Anatenga gawo lapakati la van Gennep nkulikulitsa, m'mabuku The Forest of Symbols wa 1967 ndi The Ritual Process wa 1969. Liminalite, kukhala pakati kuja, ndi komyunitasi, ubale wa ofanana, monga mumaziloweza zinachokera kumeneko: anamwali amavulidwa maina ndi maudindo, amakhala ofanana, ndipo pakati pawo pamabadwa ubale wopanda wamkulu ndi wamng'ono. Zimenezi zimamveka kwambiri pa Mukanda, mdulidwe wa anyamata, omwe amakhala kuthengo pagulu. Koma werengani zimene Turner yemweyo analemba za Nkang'a, mwambo wa atsikana a Andembu. Mtsikana amagonekedwa yekha patsinde pa mtengo wa mudyi, umene kwathu timati thombozi, atamufunditsa bulangeti, tsiku lonse osagwedezeka, amayi akuvina momuzungulira. Ubale wa ofanana uli pati pamenepo? Ali yekhayekha.

Kwathu anamwali amatha kukhala angapo, inde, koma amene analowapo m'tsimba adziwa kuti mulibe kufanana. Namkungwi ali pamwamba, phungu ali pambali pa namwali wake, amayi okhwima ali ndi malo awo, namwali wazyolika pansi. Ngati pali chimene akuphunzira ndi thupi lake lonse, ndi mndandanda wa ulemu pakati pa akazi a m'mudzimo. Audrey Richards, yemwe anaonerera Chisungu cha Abemba mu 1931 nkudzatulutsa buku mu 1956, anaona zofanana: atsikana awiri aja nthawi zambiri anali ataphimbidwa kapena atawerama, pamene amayi akuluakulu ndiwo ankasangalala ndi kulimbitsa udindo wawo. Wolemba amene amamata komyunitasi pa tsimba popanda kufunsa, sanayang'ane tsimbalo, wayang'ana manotsi.

Palinso nkhani ya kupatulidwa. Mnyamata wolowa Gule amapita kudambwe, kumanda, malo amene mayi ake sangapondeko. Uku ndi kupatulidwa kosakayikitsa. Mtsikana amamutengera kumtengo masana, koma tsimba ndi nyumba ya m'mudzi momwemo, ndipo Achewa ambiri pachikamwini mkazi sachoka, amabwera ndi mwamuna. Amene akumulanga ndi omwe adzatunge nawo madzi moyo wake wonse. Bruce Lincoln, m'buku lake la 1981 lonena za miyambo ya atsikana, ananena kuti kwa akazi mndandanda woyenera ndi kutsekeredwa, kusandulika, ndi kutuluka. Simukakamizidwa kuvomerezana naye, koma mukamuika pambali pa van Gennep nkufunsa kuti tsimba likugwirizana ndi uti, mwapeza masamba awiri a mkangano weniweni.

Nanga chipembedzo chili pati?

Apa mpamene ndimakwiya kwenikweni. Kosi yanu ndi ya zipembedzo, koma tebulo la magawo atatu mungalidzaze lonse osatchula mizimu ngakhale kamodzi. Vuto lake ndi lakuti diso la van Gennep limatsata munthu mmodzi, wodutsayo. Pa chinamwali cha Achewa, womangidwa si namwali yekha. Makolo ake, anamkungwi, ngakhale amfumu, amayenera kudika, osagona malo amodzi ndi akunyumba kwawo mpaka mwambo utatha. Namwali ali wozizira, ndipo wotentha akamukhudza kapena akaswa lamulolo, kumabwera mdulo, ena amati tsempho: kutupa, chifuwa, kuwonda. Lamulo la mchere limene mtsikana amalandira tsiku loyamba lija, loti ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, limachokera pa maganizo omwewa. Zilombo zikatuluka pabwalo, kwa eni mwambo si anyamata ovala zigoba ayi, ndi mizimu ya makolo yabwera kudzachitira umboni, ndipo Kasiyamaliro ndi mayi wa fuko. Ndiye funsani kuti ali pakati ndani, mtsikana kapena mudzi wonse? J.W.M. van Breugel analemba za mdulo mwatsatanetsatane m'buku la Chewa Traditional Religion, ndipo Matthew Schoffeleers analemba zambiri za Nyau. Ayambeni amenewo musanafike kwa Turner.

Chimodzi china chimene azakhali ankadandaula nacho, ndipo ndikuchiona chikukula. Lero ambiri salowa cha pabwalo, amalowa chilangizo cha kutchalitchi, kumene alangizi atenga malo a anamkungwi. Isabel Apawo Phiri analemba za chilangizo mu Sinodi ya Nkhoma, Molly Longwe analemba za Abaptisti. Chochititsa chidwi ndi chakuti chilangizo chinachotsa ng'oma ndi Gule koma chinasunga masitepe aja: potha msinkhu, pokwatiwa, pa mimba yoyamba. Umenewo ndi umboni wabwino kuti kwa eni ake ulendowo ndi wautali. Komanso namwali wa lero amatuluka Loweruka atauzidwa kuti wakula, Lolemba wavala yunifolomu ali mu Sitandade 7, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Walandiridwanso monga ndani? Mudzi ukuti wamkulu, sukulu ndi boma akuti mwana. Van Gennep ankaganiza za gulu ngati nyumba imodzi yokhala ndi zipinda zake. Mtsikana wa ku Dedza ali ndi magulu atatu kapena anayi amene sagwirizana za tsiku limene wakula.

Za fisi mudzafunsidwa, chifukwa ndi zimene akunja amadziwa. Musazibise, koma musalembe ngati zimachitika mudzi uliwonse. Nenani dera ndi chaka cha amene mukumutchula, ndipo nenani poyera kuti kugona ndi mwana ndi mlandu.

Tsopano pepala lanu lija. Tsamba ndi theka lomwe muli nalo lifinyeni likhale ndime ziwiri, chifukwa ndi poyambira chabe. M'ndime yoyamba nenani kuti mukulemba za chinamwali chiti, cha kuti, cha zaka ziti, cha pabwalo kapena cha kutchalitchi, ndipo mukudalira wolemba uti. Kenako sankhani malo awiri okha pomwe magawowo akukana kukwana. Ine ndikanatenga funso la pothera ndi funso la mdulo. Pa lililonse lembani chochitika chimodzi mwatsatanetsatane, zimene eni ake amanena kuti chikutanthauza, kenako zimene van Gennep akanaona ndi zimene zikanamudutsa. Ngati munalowa nokha, zam'tsimba sizofunika kuti mukhoze; zimene zinasindikizidwa kale zikukwanirani. Ndipo ngati aphunzitsi anu ali a tebulo ngati anga aja, aikireni tebulo lawolo patsamba loyamba, mkangano wanu uyambire patsamba lachiwiri.