Kuchepetsa zithunzi za masatifiketi popanda kuwononga zilembo

"Ndikufunsira ntchito ndipo akuti mapepala onse asapitirire 5 MB pa imelo. Ndajambula ndi foni masatifiketi asanu ndi chiphaso cha unzika, chithunzi chilichonse ndi 4 MB. Nditadzitumizira pa WhatsApp zinachepa, koma zilembo zing'onozing'ono sizikuwerengeka. Ndichite bwanji?"

Yambani ndi masamu, chifukwa 5 MB yomwe akunenayo si yanu yonse. Imelo imasandutsa fayilo iliyonse kukhala zilembo kaye isanaitumize, ndipo zimenezi zimaikulitsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mafayilo a 3.5 MB amafika ngati 4.7 MB. Choncho khalani pa 3.5 MB, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse mwa zisanu ndi chimodzizo chisapitirire 580 KB.

Kulemera kwa chithunzi kumachokera ku zinthu ziwiri, ndipo anthu ambiri amathamangira chachiwiri n'kusiya choyamba. Choyamba ndi kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho tomwe timapanga chithunzi. Mafoni ambiri amajambula 4000 ndi 3000, omwe ndi mapikiselo 12 miliyoni. Pepala la A4 silifuna onsewo. Dulani kaye tebulo ndi nsalu zomwe zikuoneka m'mphepete kuti mutsale pepala lokha, kenako tsitsani mbali yaitali ifike 2000. Chithunzi cha 2000 ndi 1500 chili ndi mapikiselo 3 miliyoni, gawo limodzi mwa anayi a poyamba, koma ngakhale bwana atachisindikiza pa A4 chiwerengeka bwinobwino. Chiphaso n'chaching'ono, 1200 ikwana.

Chachiwiri ndi chija mapulogalamu amalemba kuti Quality, nambala yoyambira 1 mpaka 100. Fayilo ya JPEG, mtundu womwe mafoni ambiri amasungiramo zithunzi, imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 ndi 8, n'kutaya zina zomwe diso silizindikira msanga. Nambala ikatsika, zotayidwa zimachuluka. Pa 100 fayilo imalemera pachabe, diso silisiyanitsa ndi 90. Pakati pa 75 ndi 85 ndi pomwe pali phindu, ndipo pa mapepala ikani 80. Chithunzi cha nkhope kapena munda chimapirira ngakhale pa 70, popeza mitundu yake imasintha pang'onopang'ono. Zilembo sizitero ayi. Pamene chakuda chakumana ndi choyera mwadzidzidzi ndi pomwe JPEG imavutika kwambiri, ndiye mukatsikira ku 50 muona timadontho ngati fumbi kuzungulira chilembo chilichonse, 3 n'kuyamba kufanana ndi 8. Pa nambala ya satifiketi ya MSCE, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Pa foni, pulogalamu iliyonse yokhala ndi Resize ndi Quality igwira ntchitoyi. Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi ImageMagick, pulogalamu yosinthira zithunzi polemba malamulo, alembe izi:

```
magick choyamba.jpg -auto-orient -resize 2000x2000 -strip -quality 80 chatsopano.jpg
```

Mawu a `-strip` amachotsa zobisika m'fayilo, kuphatikizapo malo omwe munajambulira ngati foni imasunga zimenezo. Musasiye `-auto-orient`, apo ayi satifiketi ikhoza kufika chogona. Kawirikawiri chotuluka chimakhala pakati pa 300 ndi 700 KB. Chikalemerabe, tsitsani mapikiselo afike 1700 musanakhudze Quality. Chithunzi chojambulidwa mumdima chimalemera kuposa chinzake chifukwa chimadzaza timchenga tomwe JPEG imayesa kusunga, ndiye nthawi zina mankhwala ake ndi kungotuluka pakhonde masana n'kujambulanso.

Mukamaliza, musakhutire ndi kachithunzi kakang'ono ka pa sikirini. Kulitsani ndi zala mpaka mufike pa zilembo zochepetsetsa, chidindo ndi siginecha. Zikawerengeka pamenepo, tumizani.

WhatsApp inakuwonongerani chifukwa imachepetsa yokha mapikiselo n'kufinyanso chithunzi, osakufunsani nambala. Kukanikiza HD kumathandizako, koma kufinya kumachitikabe. Ngati mukufuna fayilo ikafike mmene ilili, itumizeni kudzera pa Document, osati Gallery, kungoti bandulo idya molingana ndi kulemera kwake, n'chifukwa chake muichepetse nokha kaye. Zithunzi zomwe zinadutsa kale pa WhatsApp zisiyeni. Chomwe JPEG yataya sichibwerera, ndipo kuchisunganso pa 100 kumangokulitsa fayilo, zilembo zili zofufutika chomwecho. Nthawi zonse yambirani pa chithunzi choyambirira, ndipo musachifufute mpaka ntchito itatheka.

Kuika zithunzizi mu ZIP sikuphula kanthu, popeza JPEG ndi yofinyidwa kale. PNG, mtundu wina wa fayilo ya zithunzi, imasunga zilembo bwino pa chithunzi cha sikirini, monga uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, koma pa pepala lojambulidwa ndi kamera imalemera kuposa JPEG kangapo. Musadalirenso malire a Gmail a 25 MB: mafayilo akapitirira pamenepo, Gmail imawaika pa Google Drive n'kutumiza linki yokha, ndipo olemba ntchito ena satsegula malinki ochokera kwa anthu osawadziwa.