Werengani mayunitsi, osati makwacha

"Abale, magetsi, madzi ndi mayunitsi a foni zimandithera pakati pa mwezi, nthawi zina usiku. Anzanga mumapanga bwanji?"

Mayi, mwandikumbutsa zowawa. Ine zinandigwera ndikuchita lendi ku Chankhanga, mita imodzi nyumba ziwiri. Pa 1 ndinathira mayunitsi 100, ndipo ndinkadziwa kuti kwanga timadya atatu pa tsiku: filiji pafupifupi imodzi, zotsalazo TV, mababu ndi kusita. Anayenera kutifikitsa kumapeto kwa mwezi. Pa 17, cha m'ma 1 koloko usiku, mwana thupi lili moto akusanza, magetsi phethi! Ndikupapasa mankhwala mumdima, botolo linagwa n'kusweka, ndinaponda galasi ndi phazi losavala. Mwana akulira, ine magazi ali chuchuchu pasimenti, foni batire yofiira, ku Mpamba kulibe kanthu, mayunitsi oimbira anathera bandulo madzulo omwewo. Ndinachita kukongola pafoni kuti ndiimbire wakabaza atithamangitsire kuchipatala.

Kutacha ndinasuzumira kwa anebawo, ndinapeza hotipuleti pansi, mphika wa nyemba uli pamwamba. Anthu ankalumbira kuti amaphikira makala! Mbale imodzi ya mawati 1000 imadya yunitsi yathunthu pa ola, ndiye nyemba za maola atatu ndi chakudya cha nyumba yanga tsiku lonse. Tinkatha 6 pa tsiku m'malo mwa 3, koma posonkha iwo ankaponya ndalama yochepa ati "ife tili ndi babu limodzi". Alandilodi nawo kuwauza, yankho lake linali lakuti tizimvana ngati pachibale. Mpaka lero ndikawaona mtima umandiwawa.

Ndiye inu, musamati "ndagula za K10,000". Lembani nambala ya pamita madzulo alionse nthawi imodzimodzi kwa sabata. Kusiyana kwa dzulo ndi lero ndiwo mlingo wanu wa tsiku. Chulukitsani ka 30, onjezani masiku atatu, mugule tsiku la malipiro musanapite kumsika. Mugule matokeni awiri, yaikulu ndi yaing'ono ya masiku atatuwo. Yaing'onoyo osailowetsa, koperani manambala 20 aja pakapepala mumate pafupi ndi mita, chifukwa usiku foni imatha kuzima uthenga uli momwemo. Mukaigwiritsa ntchito, mawa lake gulani ina.

Madzi chimodzimodzi: yunitsi imodzi pamita ya Central Region Water Board ndi malita 1000, zigubu 50 za malita 20. Tsekani mipopi yonse usiku, m'mawa mukapeza mita yayenda, pena pakudontha, yambani kuyang'ana thanki ya kuchimbudzi.

Za foni, zimitsani data mukamagona, bandulo ikatha ingakudyereni mayunitsi oimbira. Ndipo kukongola kuja siyani, amadula ndi kachiwongoladzanja mukangothira ena, mumayamba sabata muli kale m'dzenje. Mita yogawana ithaweni ndithu, ngakhale ine kuno ndinasamukira tikugawanabe, koma kope lili pakhoma ndipo ndimalemba ndekha.