Mutu ndi mapewa: dikirani khosi lithyoke kaye

"Abale, pa tchati changa cha EUR/USD, mtengo wa yuro poyerekeza ndi dola ya ku America, ndikuona mutu ndi mapewa, phewa lakumanja latsala pang'ono kutha. Ndigulitse panopa? Nanga mtengo ukatsika, ukaima pati?"

Achimwene, musagulitse kaye. Zimene mukuonazo pakadali pano ndi nsonga zitatu basi. Zimakhala mutu ndi mapewa pokhapokha mtengo ukatseka pansi pa mzere wa khosi. Ineyo ndinaluzapo ndalama kangapo chifukwa cholowa phewa lakumanja lisanathe, mtengo n'kutembenuka n'kukwera kupitirira mutu. N'chifukwa chake ndikukuletsani.

Choyamba yang'anani kumanzere kwa tchati. Mtengo ukhale kuti unakwera kwa nthawi ndithu usanafike paphewa loyamba, chifukwa ntchito ya chithunzi chimenechi ndi kusonyeza kuti kukwerako kwatha. Ngati msika unkangoyenda cham'mbali, palibe chimene chikutembenuzidwa.

Mzere wa khosi mumaujambula polumikiza zigwa ziwiri, cha pakati pa phewa lakumanzere ndi mutu, ndi cha pakati pa mutu ndi phewa lakumanja, kenako n'kuutalikitsa kupita kumanja. Nthawi zambiri umakhala wopendekeka, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezera masamu.

Tiyerekeze tili pa D1, tchati chimene kandulo iliyonse imasonyeza kayendedwe ka mtengo ka tsiku limodzi. Chigwa choyamba chili pa 1.0800, mutu pa 1.1100, chigwa chachiwiri pa 1.0820, phewa lakumanja pa 1.0960. Pakati pa zigwazo pali masiku 20, ndiye kuti khosi likukwera pipi imodzi, kapena kuti 0.0001, patsiku. Mutu uli pakatikati, choncho pansi pake penipeni khosi lili pa 1.0810. Patatha masiku ena 20 kuchokera pachigwa chachiwiri, khosi lafika pa 1.0840, ndipo tsiku limenelo kandulo yatseka pa 1.0805.

Mawu akuti "yatseka" ndi amene ndikufuna muwagwire. Kamchira ka kandulo kakaboola khosi masana koma n'kubwerera pamwamba tsiku lisanathe, khosi silinathyoke, ogula akadalipo. Ndipo ngati chithunzicho mwachipeza pa D1, dikirani kandulo ya D1, osati ya M15, ya mphindi 15. Edwards ndi Magee, m'buku lawo la 1948 lonena za kuwerenga matchati a masheya, ankafuna mtengo wa sheya utseke pafupifupi 3 peresenti kupitirira khosi. Pa ndalama zakunja muyezo umenewo ndi waukulu kwambiri: apa ungakhale mapipi oposa 300, ulendo wonse utatha kale. Ine khosi likakhala lokwera chonchi, ndimafuna kandulo itseke pansi pa khosi komanso pansi pa chigwa chachiwiri. 1.0805 yadutsa zonse ziwiri.

Voliyumu, kuchuluka kwa malonda amene achitika, imathandizako: imayenera kuchepa paphewa lakumanja n'kuchuluka tsiku lothyokalo. Kungoti pa mapulogalamu a MT4 kapena MT5 imene mumaona pa EUR/USD imangowerenga kuti mtengo wasintha kangati, ndiye musaidalire kwambiri ngati mmene mungadalirire ya masheya.

Tsopano poima mtengo. Yezani kuchokera pansonga ya mutu kutsika molunjika mpaka pakhosi, ndipo mtunda umenewo muuchotse pamalo pamene khosi lathyokera.

```
1.1100 - 1.0810 = 0.0290
1.0840 - 0.0290 = 1.0550
```

Ambiri amachotsa mapipi 290 amenewa pamtengo umene alowera, n'kupeza 1.0515. Mapipi 35 owonjezerawo sanachokere pachithunzi, ndipo angachititse kuti mtengo ufike pa 1.0550 n'kubwerera inu musanatenge kanthu.

Musanalowe, werengani chimene mungataye. Stop Loss, mtengo umene malonda anu amadzitsekera okha mukamaluza, ikakhala pamwamba pang'ono pa phewa lakumanja, tinene 1.0975, ndipo mwagulitsa pa 1.0805, mukuika pachiswe mapipi 170 kuti mupeze 255. Nthawi zina mtengo umabwerera kudzagunda khosi chapansi. Mukagulitsa pamenepo, cha pa 1.0840, mukuika pachiswe 135 kuti mupeze 290. Kumeneko n'kulowa kwabwino, koma sikuti mtengo umabwerera nthawi zonse, ndipo masiku ena mungotsala mukuyang'ana ukupita. Ine ndimagawa pawiri, theka pothyoka, theka ukabwerera.

1.0550 musaitenge ngati lonjezo. Yang'ananinso kumanzere: ngati pa 1.0650 mtengo unaimapo kangapo kale, tengani phindu lina pamenepo n'kusuntha Stop Loss kufika pamene munalowera. Ndipo mtengo ukabwerera n'kutseka bwinobwino pamwamba pa khosi, chithunzicho chayamba kulephera. Zikatero ine sindidikira kuti ukafike pa 1.0975, ndimatuluka. Tumizani chithunzi cha tchati chanucho zigwa ziwirizo zikuoneka, tione limodzi pamene khosi lanu likudutsa.