"Njala wafika": ndikonze kapena ndisiye?

Funso: "Anzanga, ndapatsidwa ndakatulo ndi mawu a nyimbo za achinyamata kuno ku Zomba kuti ndichotse zolakwika tisanasindikize kabuku. Koma ndikakonza, eni ake akuti adachita dala. Ndidziwa bwanji kuti apa ndi luso, apa ndi kuphonya chabe?"

Achemwali, ine chomwe ndimachita n'chimodzi, ndipo ndidachiphunzira nditapsa kale zala. Mawu amene akundikayikitsa ndimawakonza papepala lina, osati pa la mwini wake, kenako n'kuwerenga mokweza mizere iwiriyo, wakale ndi wokonzedwa. Ikakhala nyimbo ndimaimba ndithu, ngakhale mawu anga ndi osasa. Ndikatero ndimadzifunsa kuti pokonzapa chatayika n'chiyani. Ngati pataika kanthu, kaya kugunda kwa mzere, kaya tanthauzo, kaya liwu la amene akuyankhula m'ndakatulomo, ndiye kuti mlakatuli adali ndi chifukwa. Ngati palibe chataika, kudali kuterereka kwa chala basi.

Ndikuonetseni ndi ndime imene idandivutitsapo. Mnyamata wina adalemba nyimbo ya msodzi wa ku Kachulu, yokumbukira muja nyanja ya Chilwa idaphwera mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope. Ndime yoyamba idandipeza ili chonchi:

Lero zuwa lamwa nyanja,
Njala wafika pakhomo,
N'kaphonye kuti khokali?
Mbale wanga, ndiyankhe.

Munthu wa cholembera chofiira apezamo zolakwika zisanu: zuwa, wafika, n'ka-, -phonye ndi mbale. Koma mwa zisanuzo, ziwiri zokha ndizo zidali zolakwika zenizeni.

Yambani ndi kuwerenga maphatikizo, chifukwa ndiye umboni wosavuta kuupeza. Le-ro zu-wa la-mwa nya-nja, asanu ndi atatu. Nja-la wa-fi-ka pa-kho-mo, asanu ndi atatunso. Mzere wachitatu, nka-pho-nye ku-ti kho-ka-li, chimodzimodzi. Tsopano yesani kuukonza kuti ukhale "ndikaphonye", muona kuti maphatikizo akwana 9, ndipo woimba akakamizika kumeza limodzi kapena kuthamangira ng'oma. Apo pataika kanthu. Choncho "n'ka-" ndi wadala, ndipo ntchito yanu n'kungoonetsetsa kuti nkhodolero ilipo posonyeza kuti "ndi" wafupikitsidwa.

Mzere wachinayi ndiye umandisangalatsa. Mba-le wa-nga ndi-ya-nkhe, maphatikizo 7. Wapereweza limodzi, pamene anzake onse ali ndi 8. Ikani nkhodolero kuti akhale "m'bale", m uja aziima payekha ngati mmene timatchulira, m-ba-le, ndipo mzere ukwana ndendende. Apa kukonza sikudataye kanthu, kudabweza chomwe chidasowa. Msodziyo ankaitana m'bale wake, osati mbale yodyera nsima.

Koma taonani msampha wake. "Mbale wanga" ndi "Njala wafika" zikuoneka ngati vuto limodzi, chifukwa monse muwiri dzina lofuna "ya" lapatsidwa "wa". Timati mbale yanga, njala yafika. Ine panthawiyo ndidakonza zonse ziwiri mwakachetechete, n'kulemba "Njala yafika", n'kutumiza kosindikiza. Mwini nyimbo atauona mzerewo adangoti, "Achimwene, mwandiphera mlendo wanga." Nditabwerera ku ndime zinazo ndidachita manyazi. M'ndime yachiwiri Njala wakhala pamkeka, m'ndime yachitatu msodzi akumufunsa kuti achoka liti, ndipo ngakhale pakati pa mzere dzinalo lidalembedwa ndi N wamkulu. Mnyamatayo adaisandutsa njala kukhala munthu, mlendo wosaitanidwa, monga momwe m'nthano timanenera kuti Njovu adakwiya, osati idakwiya. Umboni udalipo papepala lomwelo, ine ndiye sindidawerenge mpaka kumapeto ndisanayambe kukonza. Pamene mbale ija, m'nyimbo yonse mudalibe paliponse pamene chiwiya chikuyankhula kapena kuyankhulidwa.

Ndiye lamulo langa lachiwiri lidachokera pamenepo: chinthu chadala chimakhala ndi abale ake. Chimabwereza, ndipo chimabwereza pamalo oyenera. Cholakwika chimakhala chokhachokha, kapena chimangomwazikana popanda dongosolo.

"Zuwa" timuyeze ndi muyeso womwewo. Mukakhala pamsika wa Zomba kapena pa Chinamwali mumva anthu ambiri akuti zuwa, zulo, siku, sogolo, pomwe m'buku timalemba dzuwa, dzulo, tsiku, tsogolo. Vuto ndi lakuti wolemba akhoza kulemba "zuwa" pa zifukwa ziwiri: mwina akufuna kuti timve pakamwa pa msodzi, mwina iye mwini sadziwa kuti pali d. Maphatikizo sakuthandizani apa, popeza zuwa ndi dzuwa n'zofanana kutalika. Muyenera kuyang'ana kumene mawu oterewa agwera. M'nyimbo ija, ndime zonse za msodzi zidali ndi zuwa, zulo ndi siku, koma m'kolasi, momwe akuyankhula ndi wofotokoza nkhani, mudalembedwa "dzuwa" ndi "tsoka" bwinobwino. Munthu amene walemba "dzuwa" molondola kanayi m'kolasi sangaiwale d kanayi m'ndime za msodzi mokhamokha. Amadziwa lamulo, ndipo adasankha pomwe aliphwanye. Koma m'ndime yachitatu msodzi yemweyo adanena "dzulo" kamodzi. Pamenepo cholakwika chidali mawu olondolawo! Ndidafunsa, ndipo tidabweza "zulo". Zoterezi zimachitika kawirikawiri ngati mawuwo adatayipidwa ndi munthu wina, kapena foni idawasintha yokha.

Watsala "n'kaphonye". Kuponya ndi kuphonya ndi aneni awiri osiyana: khoka timaponya, chandamale timaphonya. H mmodzi yekhayo amasintha nkhani, monga pala ndi phala. Ndidaganizapo kuti mwina mnyamatayo akusewera ndi mawu, kuti msodzi akaponya n'kuphonya popeza madzi kulibe. Zikadakoma ndithu. Koma "ndikaphonye kuti khokali" sizikumveka, ndipo nditamvera nyimbo yojambulidwa ankaimba "n'kaponye" momveka. Musamapangire mlakatuli luso limene iye sadaliganize. Nafenso okonza timagwa m'mbuna imeneyi, timaopa kuoneka osadziwa ndakatulo n'kumasiya zolakwika poyera.

Pa nyimbo, pemphani yojambulidwa musanagwire cholembera. Papepala payenera kukhala chomwe chikuimbidwa. Woimba akati "ntima", ndipo wayankhula choncho dala m'nyimbo yonse, mukhoza kukambirana. Koma khutu lili ndi malire ake. Pa l ndi r silikuthandizani, chifukwa pakamwa pa ambiri a ife malembo awiriwa amangosinthana. Lamulo la kalembedwe limati r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga kulira, kubwera, ndipo l kwina konseko, monga kulola, kukula, kupatula pamene l ali kumayambiriro kwa tsinde la mawu ngati mu "ndilemba". Munthu akalemba "kulila" kapena "kukura", konzani osafunsa n'komwe. Sindidaonepo ndakatulo imene idataya kanthu chifukwa cha kukonza kumeneku. Mayina okha ndiwo muwasiye: Chilwa yemweyu, potsata lamulo akadakhala ndi r, koma pamapu ndi pazikwangwani ndi Chilwa. N'chimodzimodzinso kulumikiza ndi kulekanitsa mawu, monga "ndi kupita" kulembedwa "ndikupita" pamene sakutanthauza kuti ine ndikupita. Zimenezo sizimveka poimba, ndiye kawirikawiri palibe amene amazichita dala.

Chenjeraninso ndi kalembedwe kakale. Malamulo amene timatsata adatuluka ku Bungwe la Chichewa mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo ntchitoyo pambuyo pake idapita ku likulu loona za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi konkuno ku Zomba. Koma anthu ambiri akumpingo adakulira pa Buku Lopatulika la 1922, m'mene amalemba "cifukwa" ndi "mau". Wachinyamata akaika mzere wotero pakamwa pa gogo kapena mlaliki m'ndakatulo, akhoza kukhala kuti akufuna fungo la buku lakalelo. Akaulemba paliponse, mufunseni kumene adaphunzirira kulemba, popeza anzathu a ku Zambia amalembabe c yekha m'Chinyanja chawo.

Za zizindikiro za m'kalembedwe sindichulutsa. Ndakatulo yopanda mpumiro ngakhale umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, isiyeni. Imene ili ndi mipumiro m'ndime zitatu, yachinayi n'kusowa, funsani. Za "mayooo" ndi "amamaaa", pa pepala la kwaya zimathandiza oimba kudziwa pokoka mawu, koma m'kabuku gwirizanani kuti o akhale angati, asakhale atatu apa, asanu ndi awiri apo.

Tsono za eni ake amene akuti chilichonse "ndidachita dala". Ena amanena zoona, ena akungobisa manyazi, ndipo mafunsidwe anu ndi amene amawakankhira kumeneko. Mukafunsa kuti "Kodi apa simudalakwitse?" aliyense adziteteza. Ine ndimati, "Tandiwerengereni mzere uwu mokweza," kapena "Akuyankhula apayu ndani?" Amene adachita dala amayankha msanga, ndipo amakuuzani zambiri kuposa zomwe mwafunsa, ngati uja wa mlendo Njala. Amene adaphonya amawerenga mawu olondola pakamwa, osazindikira kuti papepala palembedwa zina. Mukamuonetsa ndi chala amaseka yekha, nkhani n'kuthera pomwepo popanda kukangana.

Pamapepala anu gwiritsani pensulo, ndipo musiyanitse zizindikiro. Zomwe mwakonza motsimikiza, monga l ndi r, dulani n'kulemba pamwamba. Zomwe mukukayika zungulizani n'kuika mfunsiro m'mphepete, osasintha kanthu. Zomwe mwagwirizana kuti n'zadala zilembeni pa kapepala kapadera, mwachitsanzo "ndime za msodzi: zuwa, zulo, siku, Njala ndi N wamkulu, wa- osati ya-", ndipo kapepalako kapite limodzi ndi ndakatulozo kwa wotayipa. Mukapanda kutero, iyeyo mwa mtima wake wabwino akakonzanso zonse zomwe inu mwavutikira kusiya. Akakana mwini ndakatulo pa chinthu chimene inu mukuona kuti n'cholakwika, muuzeni kamodzi momwe owerenga akamvere, monga kuti akaganiza za mbale ya nsima, kenako musiyireni, popeza dzina lokhala pansi pa ndakatuloyo ndi lake. Ngati kabukuko kakupita kusukulu, ikani mzere umodzi koyambirira wonena kuti mawu ena alembedwa motsata mayankhulidwe, kuti ana asakalembe "zuwa" pamayeso n'kumaloza kabuku kanu.