Re: Siling'i yagwa, landilodi sakubwera. Ndisiye kulipira lendi?

"Abale ndithandizeni. Ndimakhala ku Rosettenville, kanyumba ka kuseri ka zipinda ziwiri, lendi R4,200. Denga likudontha, siling'i ya kuchipinda kwa ana yagwa ndipo madzi akutsikira pa soketi. Landilodi amangoti abwera mawa. Ndisiye kulipira mpaka akonze? Nanga ndikasamuka dipoziti andibwezera?"

Achemwali, pepani ndi zimenezi, makamaka poti pali ana. Amene akuuzani pamwambapa kuti musapereke ngakhale randi imodzi akulankhula ndi mtima wabwino, koma akadzakulemberani kalata ya loya iwo sadzakhalapo. Musaimitse lendi yonse mudakali m'nyumbamo.

Msuweni wanga ku Turffontein, konkuno ku Joni, adachita zomwezo pamene paipi ya chimbudzi idaphulika pabwalo pake. Vuto linali lenileni, aliyense ankaliona. Koma adadandaula pakamwa pokha, lendi adaimitsa yonse, ndipo ndalamazo zidathera zina ndi kutumiza kumudzi. Mwini nyumba adamulembera kuti waphwanya pangano, kenaka n'kulithetsa. Kukhoti nkhani idasanduka ya ngongole, ya paipi idatsala m'mbuyo, chifukwa winayo adanyamula mapepala pomwe msuweni wanga analibe ngakhale chithunzi chimodzi. Adatuluka m'nyumbamo ali ndi ngongole, dipoziti idamira momwemo.

Lamulo la kuno ku South Africa limalola kuti lendi itsike ngati nyumba yawonongeka moti simungaigwiritse ntchito mmene mudagwirizanirana, ndipo kuwonongekako sikudachokere kwa inu. Koma imatsika molingana ndi gawo lomwe mwataya. Kusalipira kalikonse kumamveka pokhapokha nyumba yonse yakanika kukhalamo, ndipo ngati mukugonamobe ndi kuphikamo, majisitireti adzati ikukuthandizanibe. Kwa inu chipinda chimodzi chatayika, china ndi bafa zilipo. Munthu angathe kunena kuti gawo limodzi mwa magawo atatu lapita, yomwe ndi R1,400, n'kulipira R2,800. Kumeneko ndi kuyerekeza kwanga chabe. Palibe mulingo wolembedwa, ndipo mukadula R1,400 woweruza n'kudzati yoyenera inali R800, yotsalayo imawerengedwa ngongole ndipo wophwanya pangano mumakhala inu.

Musanaganize n'komwe zodula, tsegulani pepala la mgwirizano lomwe mudasaina. Ngati lili pafoni, fufuzani mawu akuti `without deduction` kapena `set-off`. Mapepala ambiri a lendi ali ndi mawu amenewa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti mudavomera kulipira yonse osachotsapo kanthu, ngakhale mukhale ndi dandaulo. Makhoti kawirikawiri amawalemekeza mawuwa. Akakhalamo, lipirani yonse, kubwezeredwa mukakufunefune pambuyo. Chimodzimodzi ndi zoti muitane mmisiri akonze denga inu n'kuchotsa ndalamayo pa lendi: zimatheka mutamuchenjeza landilodi polemba iye n'kulephera kukonza, koma mawu omwewa amatseka njirayo.

Ine njira yomwe ndimaikhulupirira ndi Rental Housing Tribunal, bungwe lomva madandaulo a lendi lomwe lidakhazikitsidwa ndi Rental Housing Act ya 1999. Chigawo chilichonse chili nalo, lanu ndi la Gauteng. Kudandaula n'kwaulere, loya safunika, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Ubwino wake waukulu ndi uwu: kuyambira tsiku lomwe mwapereka dandaulo mpaka chigamulo chituluke, kapena ithe miyezi itatu ngati chigamulo chachedwa, landilodi saloledwa kukutulutsani ndipo ayenera kukonza zofunika kukonzedwa. Koma lamulo lomwelo likuti inunso mupitirize kulipira lendi yomwe munkalipira kale. Ambiri amamva mbali yoyamba yokha. Pa fomu lembani kuti mukufuna akonze denga ndi siling'i, komanso kuti lendi itsitsidwe kuyambira tsiku lomwe mudamudziwitsa. Ikatsitsidwa ndi bungweli, palibe angakuneneni kuti muli ndi ngongole. Amachedwa nthawi zina, ndiye sungani nambala ya dandaulo lanu ndipo muzikumbutsa.

Tsono umboni, pamene msuweni wanga adagwera. Lero lomwe mulembereni landilodi pa WhatsApp kapena imelo, mwaulemu, popanda chipongwe chifukwa uthengawo udzawerengedwa ndi anthu ena. Munene tsiku lomwe denga lidayamba kudontha, tsiku lomwe siling'i idagwa, kuti madzi akufika pa soketi ndiponso kuti ana sakugonanso m'chipindamo. Mpatseni nthawi yomveka yoti akonze, masiku 7 ndi okwanira pa vuto loopsa chotere, ndipo mumuuze masiku omwe mmisiri angalowe, kuti asadzanene kuti mudamukaniza. Akakuimbirani foni n'kunena za mawa lija, mukatha kulankhula mulembereni kuti, "Monga tagwirizana pafoni lero, mwati mubwera Lachisanu." Lonjezo la pakamwa likhala lalowa m'malemba.

Jambulani kanema mvula ikugwa, osati itakata. Yambirani panja pooneka nambala ya nyumba, lowani osaimitsa mpaka kuchipindako, muonetse denga, zidebe, soketi ndi matilesi onyowa. Mvula iliyonse jambulaninso. Zithunzizo dzitumizireni pa imelo yanu tsiku lomwelo, chifukwa foni kuno ku Joni imatha kupita nthawi iliyonse, ndiponso imelo imasunga tsiku. Pezani mmisiri wa denga akulembereni papepala chomwe chawonongeka ndi mtengo wokonzera. Ena amalemba ulere, ena amafuna mwina R300 kapena R500 yobwerera, koma pepala limenelo ndi lomwe limasonyeza kuti malata adatha okha, simudaboole ndinu. Mnansi amene adaona siling'i itagwa atha kukalumbira afidaviti kupolisi, salipiritsa.

Lendi muzilipira kudzera kubanki, mwezi ndi dzina lanu zilembedwe. Ngati amafuna ya pamanja, lamulo lija la Rental Housing Act limamukakamiza kupereka lisiti yolembedwa, ndiye musachoke opanda lisiti. Ndipo ngati mutafunsa a Legal Aid South Africa, omwe amathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, n'kukuuzani kuti pepala lanu likulola kudula, mulembereni landilodi tsiku lolipira lisanafike kuti mukuchotsa zingati ndi chifukwa chake. Yochotsayo musaidye. Iikeni pa akaunti yapadera kuti mukauzidwa kubweza, mubweze tsiku lomwelo. Mukalandira kalata yoti muli ndi ngongole musaiike pansi pa pilo. Pa mgwirizano wa nthawi yoikika, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limakupatsani masiku 20 ogwira ntchito kuti mulipire asanathetse pangano, koma pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi nthawiyo itha kukhala yochepa. Dziwaninso kuti ngongole ya lendi imampatsa landilodi mpata wokapempha khoti kuti ligwire katundu wa m'nyumba mwanu, firiji ndi TV zomwe.

Akayamba kuopseza kuti asintha loko, adula magetsi kapena ataya katundu wanu panja, zimenezo ndi zoletsedwa. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu sachotsedwa pakhomo pake popanda chigamulo cha khoti, ndipo likunena munthu aliyense, osati nzika zokha. Zikachitika jambulani n'kupita nazo ku bungwe lija mwachangu.

Pakadali pano zimitsani switchi ya masoketi pa bokosi la magetsi nthawi yamvula, ndipo ana asalowe m'chipindamo chifukwa siling'i yotsalayo yamwa madzi. Pitaninso kuofesi ya khonsolo ya mzinda mukapemphe anthu a zaumoyo adzayendere nyumbayo. Lipoti lawo mukaliphatikize pa fomu ya dandaulo.