Ntchito ya kumgodi ku Karonga: ndipite kapena ndikhale?

Funso: Ndimagwira ntchito ya umakaniko ku Lilongwe ndipo ndimalandira K600,000 pamwezi. Kampani ina yomwe ili ndi kontrakiti kumgodi wa Kayelekera yandilonjeza K950,000 ndi malo ogona. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, wina ali Sitandade 8, wina Sitandade 2. Ndivomere?

Yankho: Bambo, choyamba funsani kuti malo ogonawo ndi otani. Kumigodi, mawu amenewa kawirikawiri amatanthauza chipinda cha pakampu cha wantchito yekha, osati nyumba ya banja. Kayelekera ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Karonga, njira yolowera ku Chitipa. Ngakhale mutapezera banja nyumba ya lendi paboma, simungamagone kunyumba tsiku lililonse pokhapokha kampani ili ndi basi yonyamula antchito. Choncho werengani ngati munthu amene adzakhale ndi makomo awiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ndalama yowonjezera ndi K350,000, koma siifika yonse m'manja. Pa malipiro a msinkhu wanu, msonkho wa PAYE umadya pafupifupi K30 pa K100 iliyonse yowonjezera, ndiye kuti K105,000 yapita. Penshoni ya wantchito ndi K5 pa K100 iliyonse, yomwe ndi K17,500. Mwatsala ndi K227,500. Lendi ya ku Lilongwe, madzi ndi magetsi zikhala momwe zilili chifukwa mayi ndi ana akadali m'nyumbamo. Tsono tiyerekeze kuti ulendo wa mwezi ndi mwezi wokaona banja, kupita ndi kubwera, ukudyerani K100,000, pakuti mtundawo ndi woposa makilomita 500 ndipo ndi ulendo wa tsiku lathunthu kudzera pa Chiweta. Tiyerekezenso kuti ndiwo, sopo, mayunitsi ndi zolipira potumiza ndalama pafoni zikukwana K80,000. Chotsala ndi K47,500 basi. Mitengo iwiri yomalizayi ndangoyerekeza, inu mukafunse kudepoti n'kuikapo yeniyeni. Koma mwaona kale pomwe pagona nkhani: ngati kampani ikudyetsani pakampu ndi kukulipirirani thiransipoti popita kutchuthi, gawo lalikulu la K180,000 ija limabwerera m'thumba mwanu ndipo ntchitoyi ndi yaphindu. Ngati ayi, mukusiya banja chifukwa cha ndalama yosakwana n'komwe K50,000.

Zimenezi zilembedwe m'kalata ya ntchito. Lonjezo la pafoni la bwana wolemba antchito silikuthandizani tsiku lomwe bwanayo wasamutsidwa. Dziwaninso kuti alawansi ya nyumba yoperekedwa ngati ndalama imadulidwa msonkho pamodzi ndi malipiro, kotero K100,000 ya papepala si K100,000 yokapereka kwa alandilodi.

Za katundu musade nkhawa kwambiri mukakhala paboma. Mpunga wa Kilombero, nthochi ndi nsomba za m'nyanja n'zosasowa, ndipo katundu wambiri wa m'mashopu amalowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania, ngakhale mtengo wake umavina ndi mphamvu ya kwacha. Kumgodi kwenikweni ndi nkhani ina. Funsani ngati kuli kiliniki komanso ajenti wa ndalama za pafoni amene amakhala ndi fuloti yokwanira pakutha pa mwezi, pamene aliyense akufuna kutapa.

Pa za sukulu ndilankhula mosabisa: wa Sitandade 8 musamusunthe. Dzina lake limalembetsedwa ku MANEB kudzera pasukulu yomwe ali, ndipo kusankhidwira ku sekondale, makamaka ya CDSS, kumatsata dera lomwe walembera mayeso. Kumusamutsa pakati pa chaka kungamusokoneze pa kalembera ndi pa maphunziro pomwe. Alembe kaye. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndiye ngati banja lidzasamuke, nthawi yake ndi holide yotsatira mayesowo, mutadziwa komwe wasankhidwira. Wamng'onoyo savuta, Chinkhonde ndi Chitumbuka adzatola pabwalo lamasewero.

Kudikira kumeneku kukutetezaninso mbali ina. Mgodi wa Kayelekera unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, koma mu 2014 unaima mitengo itagwa pamsika wa dziko lonse, ndipo anthu ambiri ntchito inawathera. Unayambiranso mu 2025. Inu mukulembedwa ndi kontrakitala, ndiye ntchito yanu ingathe tsiku lomwe kontrakiti yawo yatha ngakhale mgodi ukuyenda. Afunseni kuti kontrakitiyo itha liti, ndiponso nthawi yoyeserera ntchito ndi miyezi ingati. Lamulo la ntchito limalola kuti ifike miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawiyo angakuchotseni popanda notisi.

Akalemba chakudya ndi thiransipoti m'kalata, ndipo kontrakiti yawo ikadali ndi zaka ziwiri kapena kuposa, pitani nokha ndipo nyumba ya ku Lilongwe musaisiye. Akakana kulemba, apempheni akweze malipiro ndi K277,000 ina, chifukwa ikadulidwa msonkho ndi penshoni m'pamene ifanane ndi K180,000 ija.