Bambo anasowera ku Joni: chuma chawo chigawidwa liti?

"Amuna anga anapita ku Joni mu 2016. Foni yomaliza anaimba mu Ogasiti 2017, kuchokera apo zii. Anasiya nyumba ku Machinjiri ndi ndalama ku banki. Alamu anga akuti munthuyo anafa, tigawane. Apongozi anga aamuna nawo anamwalira mu 2020, kusiya nyumba ziwiri za lendi. Kodi ine ndi ana atatuwa tiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi zimene mukudutsamo. Choyamba gwirani ichi: pamaso pa lamulo amuna anu akadali moyo mpaka khoti litanena kuti anamwalira. Kulibe mlamu, mwinimbumba kapena mfumu amene angagamule zimenezo. Choncho lero kulibe chuma cha masiye choti n'kugawana, ndipo musasaine pepala lililonse logulitsa nyumbayo.

Makhoti athu amatsata mfundo yakale imene tinatengera ku malamulo a ku Mangalande, yakuti munthu akasowa zaka 7 zathunthu angathe kutengedwa ngati womwalira. Kwa inu zakazo zinakwana mu Ogasiti 2024, chifukwa amawerenga kuyambira tsiku lomaliza kumveka, osati tsiku lokwera basi. Koma zaka pazokha sizikwanira. Woweruza adzafuna kuona kuti alipo anthu amene akanayenera kumva za iwo, monga inu, ana ndi mayi a amuna anuwo, kuti onsewo sanamve kanthu, ndiponso kuti munafufuza mokwanira.

Pakufufuzapa ndi pamene milandu ya ku Joni imavutira. Munthu amene anakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anthu akuona, khoti lingavomereze imfa yake zaka 7 zisanakwane, pakuti ngoziyo ikudzichitira yokha umboni. Koma wopita kukasaka ganyu ali ndi zifukwa zina zokhalira chete: mapepala anatha, ali m'ndende, kapena anangotchona n'kuyamba banja lina. Woweruza amazidziwa zimenezi. Ndiye muyenera kutseka mipata yonseyo ndi mapepala. Kanenani kupolisi mutenge lipoti. Lemberani ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, afunse ku ndende, kuzipatala ndi ku Lindela kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo, ndipo sungani kalata yanu ndi yankho lawo. Anzawo amene ankakhala nawo nyumba imodzi, ngakhale dalaivala amene ankakubweretserani katundu, alembe zikalata zolumbira. Lengezani m'nyuzipepala, mudule tsambalo. Ngati wina anawaonapo mu 2021, nenani, musabise, ngakhale zitanthauza kuti zaka ziyambanso kuwerengedwa kuchokera pamenepo.

Zonsezi muzipereka ku khoti lalikulu ku Blantyre. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Chigamulo chikatuluka mupemphe kalata yoyendetsera chuma cha masiye, yomwe abanki amafuna asanatulutse ndalama za mu akaunti.

Kagawidwe kake, ngati sanasiye wilo, katsata lamulo la chuma cha masiye la 2011. Olandira ndi mkazi, ana, ndi amene ankadalira malemuyo, monga makolo. Mlamu wamkulu wodzidalira mulibemo. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi inu, ndipo ngati munaikapo ndalama kapena mphamvu zanu pomanga nyumbayo, uzani khoti, chifukwa gawo lanulo si chuma cha masiye. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Dziwaninso kuti mwana wobadwira ku Joni, atapezeka ndi umboni, ali ndi gawo ngati anzakewa.

Nyumba za apongozi ndiye povuta, ndipo ambiri sapaona. Mfundo ya zaka 7 imangonena kuti munthuyo anamwalira, sinena tsiku. Kuti amuna anu alandire gawo kwa bambo awo, n'kutsikira kwa inu ndi ana, payenera kuoneka kuti anali moyo pamene bambowo ankamwalira mu 2020. Wofuna gawolo ndi amene amabweretsa umboni. Tsono taonani: umboni wanu ukuti anamveka komaliza mu 2017. Simunganene kuti zii kuyambira 2017, kenako n'kunenanso kuti mu 2020 analipo. Alamu anu nawonso sangangolota kuti anafa mu 2018. Ine ndingakulangizeni kuti muyambe mwateteza nyumba ya ku Machinjiri, ndipo pa za apongozi mufunse loya ngati ana anu angalowe paokha, makamaka ngati agogowo ndi amene ankawalipirira sukulu.

Nanga amuna anu atatulukira mawa? Khoti lingafafanize chigamulocho ndi kalata ija, iwo n'kuitanitsa zawo zimene zatsala. N'chifukwa chake ndalama ya ku banki ikatuluka, sungani malisiti a fizi ndi zonse zimene mwagwiritsira ntchito, ndipo nyumbayo musathamangire kuigulitsa.